Tsiku limene anatilirira maliro abambo akumwa phala

Abambo anayamba kutsokomola mpunga uli pafupi kucha. Poyamba tinkati ndi chinyezi cha kusikimu ya mpunga, poti munthu amene wakulira m'madzi a Likangala sangalephere kutsokomola nthawi zina. Koma mpunga unamwetedwa, unapunthidwa, unalowa m'matumba, chifuwa osatha. Ankadzuka malaya atanyowa ndi thukuta, ndipo buluku lawo la kutchalitchi linayamba kufuna chingwe. Atawayeza makhololo kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu, TB. Anawapatsa mankhwala oti azimwa m'mawa uliwonse kwa theka la chaka osadumphitsa, nawachenjeza kuti asadabwe mkodzo ukafiira.

Ine nthawi imeneyo ndinkasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Zomba. Ndinakweza makina anga pa minibasi ya ku Kachulu n'kubwerera kwathu kukathandiza amayi. Tinali atatu pakhomo. Achimwene anga, mwana wawo woyamba, anali ku Joni komwe anakwatira mkazi wa komweko, ndipo anali ndi mwana wamkazi wa kusekondale amene anali asanapondepo pa Malawi.

Kwathu munthu akadwala anthu amabwera, ndipo kusabwera ndi mlandu. Ankabwera ndi ufa m'kambale, ena matemba, ena nzimbe, ena manja okha. Ambiri ankadziwa kazondedwe. Ankakhala pamkeka chapatali pang'ono, n'kufunsa kuti, "Mwadzuka bwanji, abambo?" Abambo ankayankha kuti, "Pang'ono." Mlendo n'kunena kuti, "Pepani, Mulungu alipo, mupeza bwino," basi nkhani n'kutembenukira kumvula kapena kumbalame zimene zinavuta m'minda chaka chimenecho. "Pang'ono" ameneyo ankakwana. Wodwala akayankha choncho sumukumbanso.

Koma tsiku lina kunabwera mayi wina wa kutchalitchi kwathu, munthu wamtima wabwino ndithu, amene anatithandizapo zambiri. Atangolowa anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Abambo, mwatha chonchi? Ndikanakumana nanu panjira sindikanakuzindikirani."

Abambo anayang'ana manja awo.

"Chifuwa chimenechi n'choipa," anapitiriza mayiyo. "Malemu alamu anga chinawayamba chonchi. Mankhwala ankamwa ndithu, koma Khirisimasi sanaione. Nanga magazi anakuyezani? Pajatu chimakonda kubwera ndi anzake."

Amayi anadzuka n'kunena kuti, "Tiyeni mundithandize kutula mphika panja." Panalibe mphika woti atule. Anamuperekeza mpaka pamsewu.

Madzulo ake abambo anakana chakudya. M'mawa mwake anandipempha kalilole. Ndinawanamiza kuti anasweka, koma iwo anakadziyang'ana m'madzi a m'beseni. Anagona chotembenukira kukhoma, ndipo mankhwala tinachita kuwanyengerera ngati mwana. "Mukundivutitsiranji," anatero, "poti anthu akuona kale kumene ndikupita?"

Kuyambira pamenepo amayi anasamutsira ntchito zawo zonse pakhonde. Kupeta, kusankha nyemba, kusenda chinangwa, zonse ankachitira pakhomo penipeni, moti munthu sakanalowa osawadutsa. Sankakalipa. Ankalandira mlendo bwinobwino, kenako n'kutsitsa mawu.

"Mukalowa muwapatse moni, muwauze za kumunda. Za thupi lawo mutisiyire ife, tikuliona tsiku lililonse. Amene anamwalira musawatchule. Ndipo dzina la matenda akalifuna alitchula okha."

Ena ankaseka, ena ankanyanyuka. Mkulu wina anabwerera pomwepo, amvekere iye si mwana woti n'kuphunzitsidwa kuzonda matenda. Amayi anangoti, "Muyende bwino," n'kupitiriza kupeta.

Khomo lina linali foni, ndipo mlonda wake ndinali ine. Kafoni ka abambo ka mabatani amayi anakazimitsa n'kukaika m'sutikesi, chifukwa anthu ankaimba abambo akugona n'kumawafunsa kuti, "Ndiye akuti n'chiyani kwenikweni?" Mauthenga onse anayamba kubwera pa foni yanga. Masana dzuwa likapendeka tinkawatulutsa abambo kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mtengo wa mango pomwe pankapita mphepo, ine n'kukhala pambali kumawawerengera kapena kuwatsegulira mawu amene anthu ajambula.

Nthawi imeneyo ndimaikumbuka kwambiri. Sindinkadziwa kuti abambo anga, mlimi wa mpunga amene sanapite patali ndi sukulu, ali ndi anthu m'zilankhulo zambiri chotero.

Anzawo a achimwene ankalemba m'Chingerezi, ndipo pafupifupi onse ankalemba zofanana: "Quick recovery." Abambo anandifunsa tanthauzo lake.

"Akuti muchire msanga."

"Msanga? Akufuna kundituma kuti?"

Kunali mwana wa msuweni wawo, wa kutsidya kwa nyanja ku Mozambique kumene makolo athu anachokera. Iye ankajambula mawu, kuyamba m'Chinyanja chake chopindika, n'kumaliza ndi Chipwitikizi: "As melhoras, tio." Abambo ankakonda kamvekedwe kake. Ankabwereza okha chapansipansi, n'kunena kuti amenewo ndi mawu aulemu, chifukwa sakukulamula kuti uchire liti, akungokufunira kuti zikhaleko bwino.

Amene ankawasangalatsa koposa anali azakhali, achemwali awo aakulu, amene anakwatiwa kalekale ku Chisi, chilumba cha pakati pa nyanja. Iwo foni sankaidziwa, ankachita kuwagwirira mdzukulu wawo. Ankayankhula mokuwa ngati akuitana munthu ali kutsidya, ndipo ankayankhula Chilomwe chokhachokha, chimene ife ana sitinachiphunzire. Ine ndinkangotolapo moni, "Mosheliwa?", kufunsa ngati kwawachera bwino. Abambo ankaiyankha foniyo ngati azakhaliwo ali pomwepo. Ndikawajambula kuti tiwatumizire yankho ankanena kuti, "Vakhaani vakhaani," ndiye kuti pang'onopang'ono. Zotsalazo ankakana kundimasulira. "N'za ana a mayi mmodzi," ankatero. Tsiku lina lokha anandiuza kuti azakhali sanatchulepo chifuwa ngakhale kamodzi. Ankangowakumbutsa za ubwana wawo, za chaka chimene nyanja inaphwa anthu n'kumayenda wapansi kupita ku Chisi, ndi kuwauza kuti akachira akawathandize kufolera nyumba.

Ndiye panali mnzawo wa ku Kachulu, Myao, Msilamu, wogula ndi kuyanika nsomba padoko. Anadziwana ali anyamata. Iyeyu sankatumiza uthenga, ankabwera yekha pa njinga Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti, atamangirira mlamba wowamba pakaliyala. Amayi sankamuuza malamulo awo. Ankafika n'kunena kuti, "Ajimwiche uli, achimwene?" Ndiye kuti mwadzuka bwanji. Abambo n'kuyankha m'Chiyao chomwecho, "Panandi panandi," pang'onopang'ono yemwe uja. Akatero ankayamba kukangana za mpira, za maukonde oletsedwa, za amene ali waulesi pakati pa mlimi ndi msodzi. Pochoka ankangoti, "Mlungu alipo," n'kukwera njinga. Tsiku limenelo abambo ankadya bwino.

Sikuti mauthenga onse ndinkawawerenga. Wachibale wina wa ku Lilongwe analemba kuti matenda otere sabwera okha, tifufuze amene akulimbirana nafe munda kusikimu. Wina anatumiza chithunzi cha botolo la mankhwala azitsamba, amvekere abambo asiye za kuchipatala. Winanso analemba pemphero lalitali lokhala ndi mawu oti "ngati nthawi yawo yakwana". Amenewo ndinkawadumpha. Abambo ankaona chala changa chikuthamanga pagalasi la foni.

"Ameneyo wati chiyani?"

"Akupereka moni."

"Moni wautali chomwecho?" Ankandiyang'ana, koma sankaumiriza.

Pofika nyengo yotentha anali atayamba kubwerera. Thukuta linasiya, chifuwa chinachepa, ankatha kuyenda mpaka pachitsime. Anali akadali owonda, koma ankapempha okha phala la mpunga lothira nsinjiro.

Kwathu kulibe magetsi, ndiye foni ndinkakatchajitsa pa kagolosale ka sola kumsika. Tsiku lina kunachita mitambo, mwini golosale n'kundiuza kuti ndiisiye ndidzaitenge mawa. Ndinaisiya ili yozima.

M'mawa mwake abambo anamwa mankhwala awo, ndipo patapita kanthawi ndinawapatsa phala kuseri kuja. Amayi ankasesa pabwalo. Ndipamene tinamva kulira kuchokera kunjira ya ku Kachulu. Kunali kulira kwa maliro, kwa azimayi angapo pamodzi. Amayi anaimika tsache n'kufunsa kuti, "Kwagwanji, kwa yani?" Tinayamba kuwerenga m'mutu okalamba ndi odwala a m'mudzi mwathu. Kulirako kunkayandikira. Kenako ndinamva mawu amene ndinkawamva pa foni masana aliwonse, akulira m'Chilomwe, akutchula dzina la ubwana la abambo.

Anatulukira pakona ya mpanda. Patsogolo panali azakhali, chitenje m'chiuno, awiri atawagwira m'mikono. Pambuyo pawo ana awo aakazi, mdzukulu uja wa foni, ndi mnzawo wa abambo wa ku Kachulu akukankha njinga, maso ali ofiira. Iyeyu anawaona akutsika boti padoko akulira, atafunsa n'kuuzidwa, anasiya nsomba zake pathandala n'kuwatsatira. Anthu oyandikana nafe anali atayamba kale kutuluka m'nyumba zawo, azimayi akumanga mipango kumutu.

Amayi anathamanga n'kukaima pakati pa njira atatambasula manja.

"Alamu! Alamu, tontholani! Mukulira ndani?"

"Mlongo wanga! Mwandibisiranji?"

"Ali moyo! Ali kuseriku, akumwa phala!"

Mawuwo sanamveke msanga. Am'mbuyo ankalirabe am'tsogolo atasiya. Mdzukulu uja anatulutsa foni yake n'kundionetsa. Pa sitetasi ya mwana wa achimwene, wa ku Joni uja, panali chithunzi cha abambo atavala jekete lawo la ukwati, ndipo pansi pake panalembedwa kuti: "Agogo anga okondedwa, muuse mumtendere." Pambali pake kamtima ndi timanja topemphera.

Mnyamatayo, mdzukulu wa azakhali, anaziona dzulo lake madzulo. Anaimba foni yanga, yozima. Anaimba ya abambo, yozima. Ya achimwene inkangoitana, poti kuntchito kwawo salola mafoni. Azakhali atamva anati mafoni onse sangazime pachabe, ndipo iwo sangadikire uthenga wa maliro a mlongo wawo ngati mlendo. Anakwera boti loyamba.

Ine mantha anga anali pa abambo. Ngati mawu a mayi mmodzi anawagoneka chotembenukira kukhoma, nanga maliro athunthu? Ndinathamangira kuseri kuti ndikawalowetse m'nyumba, koma ndinakumana nawo pakona akubwera okha, kapu ya phala ili m'manja. Anali atamva zonse.

Azakhali anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anali asanawaone chidwalireni, ndipo ndinaona pakamwa pawo pakutseguka kuti anene zimene aliyense akananena poona mikono imeneyo. Amayi anakhosomola. Azakhali anatseka pakamwa, n'kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Mosheliwa?" anatero, mawu ali osasa.

"Kosheliwa," anayankha abambo. Kwandichera. Kenako anawonjezera m'Chinyanja kuti onse amve: "Koma mwafulumira, achemwali. Phala sindinamalize."

Woyamba kuseka anali mnzawo wa ku Kachulu. Anakhala pansi pafumbi pomwepo, njinga n'kugwera uko, akuseka misozi ikutsika. "Iwe mlimi iwe," ankatero, "nsomba zanga zikudyedwa ndi akhwangwala chifukwa cha iwe!" Kuseka kunafalikira pabwalo lonse, abambo nawo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, tinachita kuwakhazika pampando. Azakhali anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, n'kuwagwira chala chakuphazi, osachisiya.

Amayi okha sanaseke. Anandikokera kukhitchini n'kunena kuti kulirira munthu wamoyo ndi malodza, ndipo mwana amene walemba zimenezo sanaleredwe. Anatuma munthu kukaitana mkulu wa mpingo kuti adzapemphere, ndiponso kuti mbiri isapitirire, chifukwa ena anali atayamba kale kufunsa za nkhuni ndi za kumanda. Ine ndinathamangira kumsika kukatenga foni. Nditaiyatsa inalira osalekeza. Mauthenga a chipepeso anali mbwee, m'Chichewa, m'Chingerezi, wa ku Mozambique uja naye atajambula mawu akulira. Ndinakhala pakhonde la golosale kuyankha mmodzimmodzi kuti abambo ali moyo, ndipo akupeza bwino.

Achimwene anaimba ndili m'njira. Anali atakwiya moti mawu ankawathawa. Anati mwanayo amufunsa, ndipo nkhani yake ndi iyi: ankamva chisoni kuti anthu onse akutumiza mauthenga kwa agogo ake, iye yekha ayi, poti Chichewa sadziwa. Sanafune kulemba Chingerezi, ankafuna kuti agogo amve m'chilankhulo chawo. Ankafuna kuwauza kuti apume bwino, asadandaule. Ndiye anakumbukira mawu amene ankawaona kawirikawiri pa masitetasi a anthu a ku Malawi pansi pa zithunzi za okalamba. Anafunsa mnzake wina tanthauzo la "mtendere", atamva anati ndi omwewo. Bambo ake sanawafunse chifukwa ankafuna kuwadabwitsa.

"Ndamulanda foni," anatero achimwene. "Wadzitsekera kuchipinda, akulira. Ndamuuza kuti asadzayerekezenso kulemba Chichewa."

Nditafika kunyumba ndinapeza nkhuku itaphedwa kale, poti alendo a ku Chisi sakanabwerera ndi njala. Ndinawafotokozera abambo zonse. Atamva anati, "Muimbire."

"Achimwene?"

"Mwanayo."

Achimwene anakana poyamba, koma abambo anawauza kuti, "Mwana wafuna kundiyankhula m'chilankhulo changa, iwe n'kumutseka pakamwa? Unamuphunzitsa liti kuti alakwitse? Ine Chilomwe sindinakuphunzitseni, lero achemwali akamayankhula mumangoti maso tuzu. Mupatse foni."

Tinaimba ya vidiyo. Mtsikanayo anaoneka maso atatupa, akungobwereza kuti, "Sorry, agogo, sorry." Ine ndinali womasulira pakati pawo.

"Umuuze kuti mawu amene analemba ndi abwino, koma ndi a munthu amene wapita. Awasunge, adzawafuna. Lero anene chonchi: Agogo, mupeze bwino."

Mwanayo anayesa. "Agogo, mupeza bwino."

"Amenewonso ndi abwino," anatero abambo. "Mupeze, ndiye kuti ukundifunira. Mupeza, ndiye kuti ukundilimbitsa mtima. Onse ndalandira."

Azakhali analowetsa mutu wawo pafoni kuti amuone, n'kuyamba kumuyankhula Chilomwe mokuwa. Mnzawo wa abambo naye anati mwanayo asatsale pa Chiyao, n'kumuphunzitsa moni wake. Mtsikanayo anasokonezeka, n'kuyamba kuseka uku akupukuta mamina. Kenako anatiuza mmene amanenera kwa amayi ake m'Chizulu, mawu amene tonse tinalephera kuwatchula, ndipo ine ndinawaiwala tsiku lomwelo. Amayi anaimirira chapatali atapinda manja. Pamapeto anabwera n'kunena kuti, "Umuuze kuti chithunzi cha munthu wodwala sitiika pagulu. Akafuna kupereka moni aziimba kuno." Kenako anawonjezera kuti, "Umuuzenso kuti wafanana ndi ine pamphumi."

Azakhali sanabwerere ndi anzawo. Anati poti abwera kale, akhala mpaka aone mlongo wawo akudya nsima ya munthu wamkulu. Anakhala nafe mpaka mvula yoyamba. Masana ankakhala awiriwo kuseri kuja akuyankhula chilankhulo cha mayi wawo, ine ndikupalasa makina anga pakhonde, ndikumva mawu awo osamva tanthauzo. Nthawi zina ankaimba nyimbo ina yake yapansipansi, azakhali akuomba m'manja mofatsa. Amayi ndi azakhali sankagwirizana kwenikweni chikwatiwire amayi, koma chaka chimenecho ndinawaona akusinja limodzi mumtondo umodzi.

Mayi wa kutchalitchi uja anabweranso. Pakhonde anayamba yekha kunena kuti, "Ndikudziwa, amayi, ndikudziwa." Analowa n'kukamba za mbuzi yake imene inabereka atatu, ndipo abambo anamufunsa ngati angawasungire kamodzi.

Mankhwala anamaliza mvula ili pakati. Atawayezanso makhololo anati chifuwa chatha. Chaka chimenecho sanaloledwe kuwokera mpunga, ankangokhala pamzere wa munda ndi ndodo kumalangiza aganyu, koma chaka chotsatira analowanso m'matope. Mwana wa achimwene ankatumiza mawu Lamulungu lililonse, chiganizo chimodzi kapena ziwiri, abambo n'kumukonza. Ankasokoneza "kudwala" ndi "kudula", ndipo kamodzi anawafunsa ngati asiya kudula. Abambo anamuyankha kuti ayi, chikwakwa akadali nacho.

Mtsikanayo anabwera kudzationa atamaliza sekondale, wamtali kuposa tonse, atavala nsapato zoyera zimene sizinaone tsiku lachiwiri zili zoyera. Abambo anamutenga pa boti kupita naye ku Chisi kuti azakhali akamuone ndi maso. Ine ndinatsala, ndinali ndi madiresi a ukwati oti ndimalize. Anabwerako madzulo atapsa ndi dzuwa, mtsikanayo atanyamula nkhuku yamoyo m'khwapa mozondotsa, ikukupiza mapiko, iye akukuwa kuti wina amulandire. Amayi anatuluka m'khitchini n'kumuonetsa pogwira.